Zomwe zinandichitikira: maimelo amene anadzutsa kafukufuku wanga ataima miyezi inayi

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera m'boma la Dedza, ndipo pamene zimene ndikufotokozazi zinkachitika n'kuti ndili m'chaka chomaliza cha digiri yachiwiri, imene ndinkaphunzira ndili pa ntchito. Kafukufuku wanga anali wokhudza atsikana amene amabwerera kusukulu atabereka, potsatira ndondomeko imene boma linakhazikitsa mu 1993, koma n'kusiyanso sukuluyo asanalembe mayeso a Fomu 4. Ndinacheza ndi anthu 24, omwe anali atsikana 12, aphunzitsi 6 ndi amayi 6 a m'magulu a amayi amene amayang'anira atsikana m'sukulu, ndipo zokambirana zonse ndinazijambula pa foni. Ntchito yoyendayenda m'midzi inatha mu Julayi. Mitu itatu yoyamba ya buku langa inali italembedwa kale, choncho mu Sepitembala ndinalonjeza a Dokotala a kuyunivesite amene ankandiyang'anira kuti mutu wachinayi, wa zimene ndinapeza, udzawafika Okutobala asanathe.

Okutobala anatha wopanda mutuwo. Mayi anga anadwala ndipo ndinakhala nawo m'chipatala masabata atatu, ndiye nditabwerera kusukulu ndinapeza kuti mnzanga wina wasamutsidwa ndipo makalasi ake awiri andipatsa ine. Mu Novembala ndinalemba imelo imene ndikufuna ndiyambe nayo, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri amene kafukufuku wawo waima amalemba yofanana nayo. Maimelo onsewa ndinkawalemba m'Chingerezi monga mmene timachitira m'sukulu zaukachenjede, koma pano ndawaika m'Chichewa. Imelo ya mu Novembalayo inali ndi ndime zitatu zopepesa ndi kufotokoza za matenda, kenako inatha ndi mawu akuti, "Ndikuyesetsa kwambiri ndipo mutu wachinayi ndikutumizirani Khirisimasi isanafike." A Dokotala anayankha ndi mtima wabwino, anandipepesa pa matenda a mayi, ndipo anati adikira. Panalibenso china chimene akanayankha, pakuti m'kalatamo munalibe funso, munalibe chiwerengero cha ntchito yotsala, ndipo tsiku limene ndinalonjezalo silinachokere pa kuwerengera kulikonse koma pa manyazi anga. Khirisimasi itadutsa, manyaziwo anawirikiza, ndipo ndinafika poti ndikaona dzina lawo pa foni ndinkaopa kutsegula uthenga, ngakhale utakhala wopita kwa ophunzira onse.

Amene anandidzutsa ndi mphunzitsi mnzanga wachikulire amene anamaliza digiri yake zaka zingapo m'mbuyomo. Nditamudandaulira kuti a Dokotala sakundifunsa kanthu, anandiuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anawonjezera kuti munthu amene akuyang'anira ophunzira ambiri uku akuphunzitsa sangadziwe ngati kukhala chete kwanga kukutanthauza kuti ndili kalikiliki kulemba kapena kuti ndasiya. Kenako anandifunsa funso limene sindinathe kuyankha, lakuti pa zokambirana 24 zija, ndi zingati zimene ndinali nditazilemba kale papepala mawu ndi mawu. Usiku womwewo ndinatsegula kompyuta n'kuwerenga, ndipo ndinapeza 9 zokha. Kwa miyezi itatu ndinkauza aliyense, ngakhalenso mtima wanga, kuti ndikulemba mutu wachinayi, pamene zokambirana 15 zinali zidakali mawu a mu foni amene sindikanatha kuwasanthula.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti imelo yotsatira sindingailembe ndisanayeze zinthu ziwiri, ndipo kuyezako kunanditengera masabata awiri omaliza a Januwale. Choyamba chinali nthawi imene ndili nayodi. M'maganizo mwanga ndinkadziwerengera maola 20 pa sabata, koma nditayamba kulemba m'kope nthawi yoyambira ndi yomalizira tsiku lililonse, sabata yoyamba inandipatsa maola 9 ndipo yachiwiri 11. Madzulo ena magetsi ankazima batire la laputopu lisanadzaze, madzulo ena ndinkachonga makope, ndipo Loweruka lina linathera kumaliro. Sindinawerenge zimenezi ngati ngozi zongochitika kamodzi, chifukwa ndi mmene moyo wanga umakhalira sabata ndi sabata, choncho ndinatenga maola 10 kuti akhale muyezo wanga. Chachiwiri chinali liwiro la ntchito yeniyeniyo. Ndinatenga kukambirana kumodzi kwa mphindi 45, ndinayang'ana wotchi, ndipo kulemba mawu onse m'Chichewa kunatenga maola atatu ndi theka, chifukwa mtsikanayo ankalankhula motsitsa mawu mwana akulira pambali ndipo ndinkabwereza malo amodzi kangapo. Kumasulira m'Chingerezi kunatenga ola limodzi ndi theka. Kukambirana kumodzi kunali maola 5, ndipo zokambirana 15 zinali maola 75, kutanthauza masabata pafupifupi 8 ndisanalembe ngakhale mzere umodzi wa mutu wachinayi. Lonjezo la Khirisimasi lija silikanatheka ngakhale mayi akanapanda kudwala.

Kuwerengerako kunandionetsanso chifukwa china chimene ndinkabisa kumbuyo kwa matenda. Pa mutu wachiwiri a Dokotala anali atalemba ndemanga yakuti maganizo a akatswiri amene ndinasankha kuti atsogolere kafukufuku wanga sakugwirizana bwino ndi funso langa lachitatu. Sindinamvetse ngati akufuna kuti ndisinthe maganizowo kapena ndisinthe funsolo, ndipo ndinkaopa kufunsa poganiza kuti aziti sindinawerenge mokwanira. Koma popeza mutu wachinayi umasanjidwa potsatira mafunso a kafukufuku, sindikanatha kuuyamba bwino nkhaniyi isanathe. Ndinaona tsopano kuti kuima kwanga kunali ndi mbali ziwiri, ina yoti ndingaikonze ndekha pokhala pansi ndi kulemba, ndi ina yoti a Dokotala okha ndi amene angaimasule, ndipo imelo yanga inayenera kusiyanitsa ziwirizi momveka bwino.

Ndandanda ya masiku sindinaiyambire pa tsiku limene yunivesite inkafuna buku, lomwe linali kumapeto kwa Juni, chifukwa ndikanatero ndikanangopanikiza ntchito kuti ikwane m'nthawi imene singakwane. Ndinayambira pa tsiku limene ndinali, n'kumawonjezera ntchito iliyonse ndi maola ake, kenako n'kuona kumene ndafika. Ndinatenga kalendala ya sukulu yanga n'kuchotsa sabata yochonga mayeso a kumapeto kwa teremu yachiwiri, ndi masabata atatu a mayeso a Fomu 4 amene aphunzitsi timakhala tikuyang'anira. Pa tchuthi cha mu Epulo ndinadziwerengera maola 25 pa sabata. Chinthu chimene ndikuona kuti ophunzira ambiri timaiwala ndi chakuti woyang'anira nayenso amafuna nthawi yowerenga, choncho pa mutu uliwonse ndinasiya masabata atatu a a Dokotala, ndipo ndinakonza kuti pamene iwo akuwerenga mutu wina ine ndizilemba wotsatira. Nditaphatikiza zonse ndinafika pa 19 Sepitembala, pafupifupi miyezi itatu kupitirira tsiku la yunivesite. Zinandiwawa kuona tsikulo, koma linali tsiku loyamba m'nkhani yonseyi limene ndikanatha kufotokoza mmene ndalipezera.

Imelo ndinaitumiza pa 31 Januwale. Pa mzere wa mutu wa imelo ndinalemba dzina langa, nambala yanga ya kusukulu, ndi mawu akuti "pamene kafukufuku wafika, ndandanda ya Febuluwale mpaka Sepitembala, ndi mafunso awiri", kuti akadzaifuna pakati pa makalata ambiri adzaipeze mosavuta. Mawu ake anali awa:

"A Dokotala, ndikukhulupirira kuti muli bwino. Pepani kuti sindinatumize mutu wachinayi monga ndinalonjezera, komanso kuti ndakhala chete kuyambira mu Novembala. Ndikulemba kuti ndikuuzeni pamene ntchito ilidi, ndikusonyezeni ndandanda imene ndingathe kuikwaniritsa, ndiponso ndikupempheni maganizo anu pa zinthu ziwiri.

"Zokambirana zonse 24 zinachitika ndipo zojambulidwazo ndazisunga malo awiri. Zimene ndazilemba ndi kuzimasulira ndi 9, ndipo 15 zatsala. Mutu wachinayi sindinauyambe. Ndayeza ndipo ndapeza kuti kukambirana kumodzi kumanditengera maola 5, pamene nthawi imene ndimapeza pa sabata ndi maola 10, chifukwa makalasi anga anawonjezeka.

"Motero ndikupempha kuti tiyende chonchi. Pofika pa 4 Epulo ndidzakhala nditamaliza kulemba zokambirana zonse. Pa 25 Epulo ndidzakutumizirani masamba awiri osonyeza mfundo zikuluzikulu zimene zikutuluka m'zokambiranazo, kuti muzione ndisanalembe zambiri. Mutu wachinayi, wa masamba pafupifupi 25, udzakufikani pa 30 Meyi, ndipo wachisanu pa 20 Juni. Masabata atatu otsatira ndidzakhala ndikuyang'anira mayeso ndipo sindidzalemba kanthu. Buku lonse lokonzedwa ndidzalitumiza pa 8 Ogasiti, kuti ngati mutavomereza lidzaperekedwe pa 19 Sepitembala. Ndawerengera masabata atatu oti muziwerenga gawo lililonse, koma chonde mundiuze ngati pali miyezi imene mudzatanganidwe kuti ndisinthe masikuwa.

"Funso loyamba ndi la ndemanga yanu pa mutu wachiwiri, tsamba 18. Sindinamvetse ngati mukufuna kuti ndisinthe maganizo otsogolera kafukufuku kapena ndikonze funso lachitatu. Ine ndikuona kuti kukonza funso n'kosavuta, ndipo ndaphatikiza tsamba limodzi losonyeza mmene lingamvekere. Funso lachiwiri ndi lakuti, popeza nthawi yanga ikutha mu Juni, kodi mungavomere kusaina pempho langa lowonjezera nthawi? Ngati n'kotheka kuti tilankhulane pa foni mphindi 20, ine ndimapezeka Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 3 koloko masana. Ndine wophunzira wanu."

Kupepesa ndinakusiya kukhala chiganizo chimodzi mwadala, osati chifukwa sindinkamva chisoni, koma chifukwa ndinali nditaona kuti kalata yodzaza kupepesa imakakamiza woilandira kuti akutonthoze m'malo moti akuthandize ntchito. Za matenda a mayi sindinabwereze popeza ankazidziwa kale. Ndinaonetsetsanso kuti pa tsiku lililonse pali chinthu chogwirika chimene angalandire kapena kuwerenga, chifukwa mawu ngati akuti "ndidzakhala ndikusanthula" sangathe kutsimikiziridwa ndi munthu aliyense, pamene "masamba awiri pa 25 Epulo" amafika kapena safika. Chiganizo chimene chinandivuta kwambiri kulemba ndi chija chakuti mutu wachinayi sindinauyambe. Ndinachifufuta kawiri n'kuika chakuti "mutu wachinayi uli m'kati", koma ndinachibwezera nditaona kuti ndandanda yonse ikanakhala yosamveka popanda choonadi chimenechi.

Panapita masiku 8 opanda yankho, ndipo mtima wanga unayamba kundiuza kuti akwiya. Sindinalembe kalata yatsopano, koma ndinayankha pa imelo yomweyo kuti zonse zioneke pamodzi, ndi ziganizo zitatu zokha, zonena kuti ndikukumbutsa za kalata ya pa 31 Januwale, kuti ndayamba kale kutsatira ndandandayo ndipo zokambirana zolembedwa zafika 11, komanso kuti chimene chikufunika msanga ndi yankho la pempho lowonjezera nthawi. Anayankha patapita masiku awiri, ndipo chinachedwetsa yankho sichinali mkwiyo koma misonkhano ya kuchiyambi kwa semesita.

Yankho lawo linandisonyeza phindu la kuika manambala m'kalata, pakuti anagwira pa manambala omwewo n'kusintha zinthu zimene ine sindikanaziona. Anati palibe chifukwa chomasulira zokambirana zonse m'Chingerezi popeza iwo amawerenga Chichewa, ndipo ndi bwino kusanthula mawu m'chilankhulo chimene analankhulidwira, n'kumasulira okhawo amene ndidzawagwire m'buku. Zimenezi zinachotsa ola limodzi ndi theka pa kukambirana kulikonse kotsala, kutanthauza masabata pafupifupi awiri, koma anandiuza kuti ndisakokere masiku pafupi ndipo nthawiyo ndiisunge. Pa mutu wachiwiri anavomereza kuti ndikonze funso lachitatu, ndipo nkhani imene inanditsekereza miyezi inayi inatha ndi mizere iwiri. Anandiuza kuti mu Juni adzakhala akuchonga mayeso a kuyunivesite, choncho chilichonse chimene chidzafike mweziwo ndichiwerengere masabata anayi osati atatu. Anandilangiza kuti ndipemphe semesita yonse yowonjezera, mpaka Disembala, ngakhale ndandanda yanga inkathera mu Sepitembala, ndipo kuti pempholo lifike kuofesi nthawi yanga isanathe. Pomaliza anandikumbutsa chinthu chimene ndinali nditaiwaliratu, chakuti chilolezo chimene komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa inandipatsa chinali cha miyezi 12 ndipo chinkatha mu Epulo, motero ndinayenera kupempha kuti achiwonjezere nthawi isanakwane, makamaka popeza kusintha kwa funso kukanafuna kuti ndibwererenso kwa ena mwa atsikanawo. Malamulo a kuwonjezera nthawi ndi ndalama zake amasiyana yunivesite ndi yunivesite, ndipo ine ndinawapeza m'kabuku ka malamulo a ophunzira a digiri yachiwiri kamene ndinapatsidwa chaka choyamba, kamene ndi bwino kukawerenga imelo yotereyi isanalembedwe kuti munthu adziwe fomu imene akupempha kuti isainidwe.

Titalankhulana pa foni Lachinayi lotsatira, madzulo omwewo ndinalemba imelo yaifupi yondandalika zimene tinagwirizana ndi masiku atsopano, ndipo ndinawapempha kuti andikonze ngati pali pamene ndinamva molakwika. Tinagwirizananso kuti Lachisanu lachiwiri lililonse ndizitumiza mizere itatu, wonena zimene ndachita, wonena zimene ndichite masabata awiri akubwera, ndi wonena chimene chikundivuta, ndipo iwo anati sadzayankha pokhapokha mzere wachitatu ukhale ndi kanthu. Mafayilo ndinasiya kuwatchula kuti omaliza kapena atsopano, ndipo ndinayamba kuika mutu ndi tsiku, monga `Mutu4_30Meyi.docx`, chifukwa m'mbuyomo a Dokotala anawerengapo fayilo yakale ine nditakonza kale ina.

Ndandandayo siinayende yonse monga ndinailembera. Kulemba zokambirana kunatha pakati pa Malichi, ndipo masabata amene ndinasunga aja anathera pa kusanthula, kumene kunali kotalika kuposa mmene ndinkaganizira, koma masamba awiri a pa 25 Epulo anafika pa tsiku lake. Vuto linabwera pa mutu wachinayi. Ndinali nditawerengera maola awiri pa tsamba limodzi, potengera liwiro limene ndinalembera mutu wachiwiri, koma mutu uwu unali wina, chifukwa ndime iliyonse inkafuna kuti ndifufuze mawu oyenera m'zokambirana 24, ndiwamasulire mosamala, ndi kubisa chilichonse chimene chingaulule mtsikana kapena mudzi wake. Ntchito yomasulira imene inachoka mu Febuluwale inabwereranso pano, ngakhale inali yocheperapo. Pofika pa 16 Meyi ndinali nditagwira maola 30 koma masamba anali 10 m'malo mwa 15, kutanthauza maola atatu pa tsamba.

Mtima wakale uja unabweranso wondiuza kuti ndikhale chete, ndigwire usiku, mwina ndikwanitsa. Koma manambala anali poyera, pakuti masamba 15 otsala ankafuna maola 45 pamene masabata awiri otsalawo anali ndi maola 20 okha. Ndinalemba tsiku lomwelo, kutatsala masabata awiri kuti tsiku lolonjezedwa lifike:

"A Dokotala, mutu wachinayi sudzatha wonse pa 30 Meyi. Ndalemba masamba 10 pa 25, ndipo tsamba limodzi likunditengera maola atatu osati awiri monga ndinawerengera. Ndikuona njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti pa 30 Meyi ndikutumizireni zigawo ziwiri zoyankha funso loyamba ndi lachiwiri, masamba pafupifupi 17, ndipo chigawo chachitatu chidzafike pa 20 Juni. Yachiwiri ndi yakuti mutu wonse udzafike pamodzi pa 20 Juni. Ine ndingakonde yoyamba, chifukwa ngati kalembedwe kanga kali ndi vuto ndidzalidziwa msanga. Njira zonsezi zikukankhira mutu wachisanu kuseri kwa mayeso a Fomu 4, ndipo tsiku lopereka buku likusuntha kuchoka pa 19 Sepitembala kufika pa 10 Okutobala, lomwe lili m'kati mwa nthawi imene tinawonjezera."

Anasankha njira yoyamba, ndipo ngakhale anali pa mayeso anayang'ana chigawo choyamba msanga n'kundiuza kuti ndikugwira mawu a anthu ataliatali popanda kufotokoza chimene akusonyeza. Ndemanga imeneyi inandipeza ndili pakati pa chigawo chachitatu, ndipo ndinakonza kalembedwe pomwepo. Pa masiku otsalawo ndinagwiritsa ntchito muyezo watsopano wa maola atatu pa tsamba, ndipo mutu wachisanu, umene unali wa masamba 12, ndinauwerengera masabata anayi m'malo mwa atatu.

Ndinaphunziranso kuzindikira msanga kuti ndandanda yayamba kupatuka. Ndikaona kuti imelo ya Lachisanu ikundilemera kulemba, kapena kuti mzere woyamba wadzaza mawu ngati akuti ndawerengawerenga ndi kukonzakonza popanda nambala ya masamba, ndinkadziwa kuti masabata awiriwo sanabale kanthu, ndipo ndinkatsegula kope la maola lija kuti ndione ngati nthawi ndi imene yachepa kapena pali funso lina limene ndikuopa kufunsa. Zinachitika kawiri, ndipo ulendo wachiwiri, mu Ogasiti, chinali funso la mmene ndingalembere malangizo opita kwa aphunzitsi aakulu popanda kuoneka ngati ndikuloza sukulu zimene ndinapitako. Ndinaliika pa mzere wachitatu Lachisanu lomwelo, ndipo a Dokotala anati titchule sukuluzo ndi zilembo zokha ndi kuchotsa mtunda wake kuchokera paboma.

Buku linaperekedwa pa 10 Okutobala. Imelo yomaliza ya ndandandayi ndinailemba tsiku lomwelo, yowadziwitsa kuti ofesi yalandira makope ndi fomu yosainidwa, yowathokoza, ndi yowafunsa kuti oyesa bukulo amatenga nthawi yaitali bwanji, kuti ndipemphe aphunzitsi aakulu a pasukulu yanga masiku opita kukayankha mafunso ndiponso ndisunge maola okonzera zimene oyesawo adzapeze mayeso a kumapeto kwa teremu yoyamba asanayambe.